Kawerengedwe ka makalori a mowa: auikidwe pati pakati pa mapuloteni, mafuta ndi makabohaidireti?

Munthu amene amalemba zakudya zake tsiku ndi tsiku amakhala ndi nkhokwe zitatu: mapuloteni, mafuta ndi makabohaidireti, omwe ndi sitachi ndi shuga. Chilichonse chimene wadya amachigawa m'nkhokwe zimenezi, ndipo madzulo masamu amagwirizana. Tsiku limene wamwa mowa ndi pamene zimasokonekera. Pulogalamu ya pafoni imaonetsa kuti makalori akwera ndi 400, koma m'nkhokwe zitatu zija mwangosuntha pang'ono. Ena amakondwa, n'kuganiza kuti malo a chakudya akadalipo. Malowo kulibe, mowa udawadya kale.

Chifukwa chake n'chakuti alikoholo, chinthu chimene chimapatsa mowa ukali wake, sali m'gulu lililonse mwa atatuwo. Ali ndi makalori akeake, 7 pa galamu iliyonse. Mapuloteni ali ndi 4, makabohaidireti 4, mafuta 9. Choncho alikoholo ali pafupi ndi mafuta kuposa shuga, ngakhale anthu ambiri amamuyesa mbale wake wa shuga poti amachokera ku shuga wofufumitsidwa. Manambala awa ndi omwe opanga zakudya amagwiritsa ntchito polemba pa zitini ndi mabotolo. Malamulo a zolemba pa zakudya a mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya, mwachitsanzo, amaika alikoholo pa makilojuulu 29, olembedwa kJ, kapena makalori 7, olembedwa kcal, pa galamu.

M'malangizowa tikamati mowa tikunena chakumwa chonse chimene chili m'tambula. Tikamati alikoholo tikunena gawo laukali lokha. Kusiyanitsa ziwirizi ndi theka la ntchito yonse.

Yambani ndi kudziwa kuchuluka kwa chimene mwamwadi

Masamu onse akutsogoloku amatsamira pa mamililita. Mukaphonya apa, zotsatira zonse zaphonyeka ngakhale mutawerengera mosamala chotani.

Cha m'botolo kapena m'chitini n'chosavuta, chifukwa kuchuluka kwalembedwa: 330 ml, 440 ml, 500 ml, 750 ml. Vuto lili pa chimene mwathira nokha. Dzanja la munthu silidziwa muyezo, ndipo tambula yotakata imanamiza maso. Wisiki amene akuoneka ngati wangophimba pansi pa tambula yotakata angathe kukhala matoti atatu.

Njira yodalirika ndi sikelo ya kukhitchini. Ikani tambula pa sikelo, ponyanimo ayisi ngati mumamwera ayisi, kenako dinani batani lobwezera sikelo pa 0, ndipo thirani. Sikelo ikupatsani magalamu, osati mamililita, ndiye pafunika kusintha pang'ono. Biya ndi vinyo amalemera pafupifupi ngati madzi, moti galamu imodzi mungaitenge ngati mililita imodzi. Zakumwa zaukali za 40 peresenti n'zopepukirapo, mililita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 0.95. Sikelo ikaonetsa magalamu 76 a wisiki, gawani ndi 0.95, mupeza mamililita 80. Munthu amene akanalemba "toti imodzi" ya mamililita 25 akanalemba makalori 55, pomwe wamwa 176.

Ngati mukudziwa kuti mukayamba kucheza simukumbukiranso za sikelo, yezani botolo musanayambe, n'kuliyezanso m'mawa mwake. Kusiyana kwake ndiko mwamwa, bola ngati munali nokha pa botololo. Kumalo omwera, funsani wogulitsa kuti muyezo wake ndi wa mamililita angati, popeza toti si yofanana kulikonse: kwina ndi 25, kwina 30, kwina pafupifupi 44.

Kuchoka pa peresenti kufika pa magalamu

Pa botolo lililonse pamalembedwa mphamvu ya chakumwacho, monga 5% vol kapena 13% ABV. Peresenti imeneyi ndi ya kuchuluka kwa madzimadzi, osati ya kulemera. Ikunena kuti pa mamililita 100 aliwonse a biya wa 5 peresenti, mamililita 5 ndi alikoholo weniweni. Koma makalori amawerengedwa pa galamu, ndipo alikoholo ndi wopepuka kuposa madzi: mililita imodzi imalemera magalamu 0.789. Amene aiwala nambala imeneyi amadziwerengera makalori oposa enieni ndi pafupifupi kota.

```
magalamu = ml × (peresenti ÷ 100) × 0.789
kcal = magalamu × 7
```

Tiyese ndi chitini cha biya cha mamililita 500, cha 5 peresenti. Mamililita 500 kuchulukitsa ndi 0.05 zikupereka mamililita 25 a alikoholo. Kuchulukitsa 25 ndi 0.789 zikupereka magalamu 19.7. Kuchulukitsa ndi 7, makalori 138. Awa ndi a alikoholo yekha, sitinakhudze zina zimene zili m'chitinimo.

Pali chidule chimene mungachite pamtima kapena pafoni mutakhala pampando. Poti 0.789 kuchulukitsa ndi 7 ndi pafupifupi 5.5, masitepe onse aja amalowa mu mzere umodzi:

```
kcal = ml × peresenti × 0.055
```

Tambula ya vinyo ya mamililita 150, wa 13 peresenti, ikupereka 150 × 13 × 0.055, makalori 107. Botolo lonse la mamililita 750 la vinyo yemweyo likupitirira pang'ono makalori 530. Kusiyana kwa chidulechi ndi njira yaitali ndi kwa kalori imodzi kapena atatu, sikungasinthe kanthu.

Chenjerani ndi mabotolo ena ochokera ku Amereka olembedwa proof. Nambala imeneyo ndi peresenti yochulukitsidwa kawiri, moti 80 proof ndi 40 peresenti. Mukaika 80 m'masamu aja mupeza zowirikiza. Chenjeraninso ndi mawu akuti "chakumwa chimodzi" m'mapulogalamu, chifukwa mayiko amasiyana: ku Amereka ndi magalamu 14 a alikoholo, ku Australia ndi 10, pomwe yuniti ya ku Britain ndi magalamu 8. N'chifukwa chake timalimbikitsa kuwerengera kuchokera pa mamililita ndi peresenti, zinthu zimene sizisintha ndi dziko.

Zina zimene zili m'tambulamo

Tsopano onjezani makabohaidireti enieni. Awa alibe chinsinsi, amapita m'nkhokwe yawo monga a buledi kapena mpunga.

Wisiki, vodika, jini ndi bulande zosasakaniza zilibe makabohaidireti oti n'kuwerenga, chifukwa potcheza shuga ndi sitachi zimatsala mumphika. Vinyo wosatsekemera ali ndi ochepa, magalamu owerengeka pa tambula. Biya wamba amakhala ndi magalamu pafupifupi 3 pa mamililita 100, ngakhale wakuda ndi wolemera amaposa pamenepo. Vinyo wotsekemera, saida ndi zakumwa zosakaniziratu za m'zitini ndiye zimasiyana kwambiri, moti popanda kuwerenga zolembedwa pa botolo mungoyerekeza. Zakumwa za kirimu zili ndi mafuta enieni kuwonjezera pa shuga. Ndipo chosakanizira musachiiwale: kola wa shuga ali ndi magalamu pafupifupi 10.6 pa mamililita 100, ndipo toniki, ngakhale amawawa, alinso ndi shuga wambiri pokhapokha atalembedwa kuti alibe.

M'mayiko ambiri opanga mowa sakakamizidwa kulemba makalori ndi makabohaidireti monga amachitira opanga zakudya. Mukapeza botolo limene zalembedwa, muli ndi mwayi woyesa masamu anu. Chotsani makalori a magulu atatu aja pa makalori onse, chotsala ndi alikoholo:

```
kcal za alikoholo = kcal zonse − (4 × P) − (4 × C) − (9 × F)
```

Apa P ndi magalamu a mapuloteni, C a makabohaidireti, F a mafuta. Tinene kuti botolo la biya la mamililita 330, la 5 peresenti, lalembedwa makalori 131 ndi makabohaidireti magalamu 10. Magalamu 10 ndi makalori 40. Kuchotsa pa 131 kutsala 91. Gawani ndi 7, mupeza magalamu 13 a alikoholo, zomwe zikufanana ndi 330 × 0.05 × 0.789. Njira ziwirizi zikagwirizana chonchi, nambalazo zikhulupirireni. Zikasiyana kwambiri, onani ngati zolembedwazo zili za mamililita 100 kapena za botolo lonse, ndiponso ngati simunawerenge kJ m'malo mwa kcal. Ngati ndi kJ, gawani ndi 4.184.

Biya wolembedwa kuti ali ndi makabohaidireti ochepa amapusitsa ambiri. Akhoza kukhala nawo ochepadi, koma ngati peresenti yake ili yomweyo, makalori 91 aja ali pomwepo. Chimene chimatsitsa makalori a biya kwambiri ndi kutsika kwa peresenti.

Nanga makalori a alikoholo aikidwe pati?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mapulogalamu ena ali ndi malo akeake a alikoholo. Ngati yanu ili nawo, lembani magalamu pamenepo, koma mudziwe kuti malire anu a magulu atatu aja satsika okha. Muyenera kuwatsitsa nokha kuti makalori a tsikulo asapyole. Mapulogalamu ambiri alibe malo otero, ndiye makalori a alikoholo mumawabwereka m'nkhokwe imodzi mwa ziwiri:

```
ngati makabohaidireti: kcal ÷ 4
ngati mafuta: kcal ÷ 9
```

Taonani kuti chimene mukugawa ndi makalori, osati magalamu. Cholakwa chofala ndi kutenga magalamu 20 a alikoholo n'kuwalemba ngati magalamu 20 a makabohaidireti. Mukatero mwalemba makalori 80 pomwe mwamwa 140.

Mvetsani bwino kuti uku n'kulemba m'buku chabe. Kulemba alikoholo ngati makabohaidireti sikumusandutsa makabohaidireti m'thupi. Sadzadzaza nkhokwe ya shuga ya m'minofu imene mumadalira pothamanga kapena ponyamula zitsulo. Kumulemba ngati mafuta sikumupangitsa kunyamula mavitamini A, D, E ndi K monga amachitira mafuta a m'zakudya. Chimene mukuchita ndi kusankha chakudya chimene chipereke malo.

Mapuloteni asakhudzidwe. Timaumirira zimenezi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mafuta ndi makabohaidireti angathe kusinthana ntchito yopereka mphamvu, koma palibe chimene chingalowe m'malo mwa mapuloteni pomanga ndi kukonza minofu. Alikoholo ndi mphamvu yokhayokha, ndiye n'koyenera kuti alande malo a zopatsa mphamvu zinzake. Chachiwiri, mowa wambiri umachedwetsa ntchito yomanga minofu. Pa kafukufuku wa mu 2014 wa Evelyn Parr ndi anzake, amuna ochita masewera anamwa alikoholo wokwana magalamu 1.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi atatha kulimbitsa thupi. Kamangidwe ka minofu kanatsika ndi 24 peresenti pamene anamwera limodzi ndi mapuloteni, ndipo kanatsika ndi 37 peresenti pamene anamwera ndi makabohaidireti m'malo mwa mapuloteni. Mowa umene anamwa unali wochuluka zedi, woposa magalamu 100 kwa munthu wolemera makilogalamu 70, choncho musatenge manambalawa ngati a tambula imodzi. Chimene akutiphunzitsa n'chakuti tsiku lakumwa ndilo tsiku loipitsitsa lochepetsera mapuloteni.

Pakati pa mafuta ndi makabohaidireti, mfundo yake ndi yosavuta: dulani pamene pali pambiri, ndipo musatsike pansi pa malire a mafuta. Malangizo ambiri a kadyedwe amati mafuta asachepere 20 peresenti ya makalori a tsiku. Kutsikapo tsiku limodzi sikupha munthu, koma amene amamwa kawiri kapena katatu pa sabata n'kumadula mafuta nthawi zonse amatha kukhala ndi sabata yonse ya mafuta osakwanira. Ngati mawa muli ndi masewera olemetsa, tetezani makabohaidireti, mudule mafuta mpaka pa malire aja. Ngati mawa n'kupuma, makabohaidireti apereke gawo lalikulu.

Alipo amene amati alikoholo alembedwe ngati mafuta basi, poti thupi likalandira mowa limaleka kaye kuwotcha mafuta. Zoti limaleka n'zoona. Thupi lilibe posungira alikoholo, ndiye chiwindi chimamuika patsogolo. Chimamusandutsa asetalidihaidi, mankhwala aululu amene amathandiza kubweretsa matsire, kenako aseteti, amene amalowa m'magazi n'kumawotchedwa ngati nkhuni. Aseteti ali m'magazi, mafuta a m'thupi ndi a chakudya chimene mwadyera mowawo amadikira. Chiwindi cha munthu wamkulu chimatha magalamu pafupifupi 7 pa ola, moti magalamu 42 ndi ntchito ya maola ngati 6. Alikoholo mwiniwake amene amasanduka mafuta ndi wochepa kwambiri. Chimene chimasungidwa ndi mafuta a chakudya amene akanawotchedwa nthawi imeneyo. Choncho kudya zopanda mafuta ambiri usiku wakumwa kuli ndi nzeru yake. Komabe pakutha pa sabata chimene chimanenepetsa kapena kuwondetsa ndi makalori onse pamodzi, osati dzina la nkhokwe imene munalembamo.

Usiku umodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Titenge munthu amene malire ake a tsiku ndi makalori 2,140: mapuloteni magalamu 150, makabohaidireti 250, mafuta 60. Madzulo akufuna kumwa mabotolo awiri a biya a mamililita 330, a 5 peresenti, ndi wisiki wa mamililita 50, wa 40 peresenti, wosakaniza ndi kola wa shuga mamililita 150.

Biya yense ndi mamililita 660. Alikoholo wake ndi magalamu 26, makalori 182. Wisiki ali ndi mamililita 20 a alikoholo, magalamu 15.8, makalori 110. Alikoholo yense ndi magalamu pafupifupi 42, makalori 292.

Makabohaidireti enieni: biya ali ndi magalamu 20, kola ali ndi 16. Onse ndi 36, makalori 144. Usiku wonsewo ukudya makalori 436, gawo limodzi mwa magawo asanu a tsiku lake, asanaike kanthu m'kamwa kotafuna.

Magalamu 36 aja amachoka pa 250 popanda kukambirana, kutsala 214. Funso lili pa makalori 292.

Akawaika onse pa mafuta, 292 kugawa ndi 9 ndi magalamu 32. Pa 60 patsala 28 okha a tsiku lonse, omwe ndi 12 peresenti ya makalori ake. Mazira awiri ndi supuni imodzi ya mafuta ophikira, zatsala pang'ono kutha, ndipo nyama ndi nsomba zimene akufuna kuti akwanitse mapuloteni 150 nazo zimabwera ndi mafuta awo. Njira imeneyi pa pepala ikutheka, koma m'mbale siitheka.

Akawaika onse pa makabohaidireti, 292 kugawa ndi 4 ndi magalamu 73. Pa 214 patsala 141. Izi n'zotheka tsiku lopuma, ngakhale adzamva kuti mbale yachepa.

Ife tikanamulangiza njira yapakati. Malire a 20 peresenti kwa iye ndi mafuta magalamu pafupifupi 48, ndiye adule magalamu 10 okha, atsale ndi 50. Pamenepo wapeza makalori 90. Otsala 202 agawe ndi 4, ndi magalamu 50 a makabohaidireti, kutsala 164. Chakudya chake cha tsikulo chikhala mapuloteni 150, makabohaidireti 164, mafuta 50. Tiyese ngati zikukwana: 600 kuphatikiza 656 kuphatikiza 450 ndi 1,706. Kuwonjeza 436 a zakumwa ndi 2,142. Zakwana.

M'mbale, zimenezi zikutanthauza kuchotsa makabohaidireti magalamu 86 pa zimene amadya masiku onse, zomwe ndi ngati makapu awiri a mpunga wophika, ndi kusiya pafupifupi masupuni awiri a tiyi a mafuta. Nkhuku, nsomba, mazira, nyemba kapena yogati zikhale monga mwa nthawi zonse. Ndiwo zamasamba aziwonjezere, chifukwa zimadzaza m'mimba popanda kulipira makalori ambiri. Taonaninso kuti akadasankha kola wopanda shuga akanabweza magalamu 16 m'mbale popanda kuchepetsa mowa ndi dontho limodzi.

Polemba mu pulogalamu, njira yaukhondo ndi kupanga chakudya chanuchanu. Chitcheni dzina loti muzichikumbukira, muike makalori onse 436, makabohaidireti 86, omwe ndi 36 enieni ndi 50 obwereka, mafuta 10, mapuloteni 0. Zikatero makalori ndi magulu atatu aja amayendera limodzi. Ndipo lembani m'mawa kapena masana, musanamwe. Nambala yolembedwa pakati pa usiku nthawi zambiri imakhala yochepa kuposa zoona, ndiponso ikafika nthawi imeneyo chakudya cha tsikulo chadyedwa kale, palibenso choti mungadule.

Pamene masamu amathawira

Kuwerengera kawiri kumachitika motere: mwasankha biya m'ndandanda wa pulogalamu, walowa ndi makalori ake onse, kenako mwawonjezera pamanja magalamu obwereka aja ngati chakudya china chokhala ndi makalori akenso. Chizindikiro chake n'chakuti makalori a tsiku akudumpha pafupifupi kawiri kuposa mmene munawerengera. Sankhani chimodzi, cha m'ndandanda kapena chanuchanu.

Cholakwa chotsutsana nacho ndi kuyang'ana magulu atatu okha. Mwalemba vodika, makalori akwera, koma mizere ya mafuta ndi makabohaidireti ikuonetsa kuti malo alipo, ndiye mukudya mpaka idzaze. Kuti mudzigwire, madzulo chulukitsani magalamu a tsiku lonse ndi 4, 4 ndi 9, muphatikize, muyerekeze ndi makalori amene pulogalamu ikuonetsa. Kusiyana kwa makalori makumi angapo n'kwa masiku onse, kumabwera ndi faiba komanso kudula manambala. Kusiyana kwa mazana pa tsiku lakumwa ndi alikoholo amene sanapatsidwe malo.

Zolembedwa m'ndandanda wa mapulogalamu ambiri zimaikidwa ndi ogwiritsa ntchito anzanu, ndipo zina n'zolakwika poyera. Chiyeseni ndi chidule cha 0.055 chija. Ngati makalori olembedwa ali ochepa kuposa a alikoholo yekha, chitayeni, chifukwa chakumwa sichingakhale ndi makalori ochepa kuposa alikoholo wake.

Mudzamvanso ena akunena kuti 7 ndi wokokomeza, poti gawo lina la mphamvu ya alikoholo limatayika ngati kutentha thupi likamamugaya. Kutayikako kulipodi, koma kuliponso pa mapuloteni, ndipo palibe amene amachotsera mapuloteni makalori pa chifukwa chimenecho. Malire anu a tsiku anawerengedwa ndi manambala osachotsera, ndiye muzigwiritsa ntchito 7. Mukayamba kudzichotsera pa mowa wokha, mwangotsegula khomo lodzinamiza.

Taganizirani kukula kwa nkhaniyi pa sabata. Munthu amene akuchepetsa makalori 400 pa tsiku kuti achepe thupi amasonkhanitsa 2,800 pa sabata. Mausiku awiri ngati uja, osalembedwa, ndi makalori 872, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a khama lake lonse. Ndipo apa sitinawerenge chakudya chimene chimatsagana ndi mowa. Mowa umatsegula chilakolako ndi kufooketsa kudziletsa, moti tchipisi, mtedza wamchere ndi nyama yonona za pakati pa usiku nthawi zambiri zimaposa zakumwazo. Makalori a madzimadzi sakhutitsanso ngati a chakudya chotafuna. Ndi bwino kuika pambali makalori ena a zotafuna za usikuwo pamene mukukonza tsiku, kusiyana ndi kulonjeza kuti simukhudza kanthu.

M'mawa mwake sikelo yoyezera thupi musaimvere. Alikoholo amakodzetsa, ndiye mungapepuke chifukwa cha madzi otayika. Tsiku lotsatira mungalemere chifukwa cha mchere wa zotafuna ndi madzi amene thupi lagwira. Zonsezi si mafuta. Yerekezani kulemera kwapakatikati kwa sabata ndi kwa sabata inzake.

Malire a njira imeneyi

Masamuwa amagwira bwino pa tambula imodzi, ziwiri, mwina zitatu. Mowa ukachuluka amalekeza kukhala anzeru. Munthu wathu uja atamwa botolo lonse la vinyo ndi biya awiri, makalori akuyandikira 800, ndipo kuti akwane m'tsiku limodzi ayenera kudula gawo lalikulu la makabohaidireti ake. Musachite zimenezo. Kumwa m'mimba mulibe kanthu kumathamangitsa alikoholo kulowa m'magazi, kuledzera kumafulumira, ndipo kudziletsa pa chakudya kumatha, moti mumataya zonse ziwiri. Idyani chakudya chokhala ndi mapuloteni musanayambe kumwa. Ngati makalori sakukwana m'tsiku, gawani ena pa masiku oyandikana nawo, monga kuchotsa 100 pa tsiku kwa masiku atatu kapena anayi, kapena vomerezani kuti tsikulo lapyola, mulembe mmene zilili. Mukaona kuti kudumpha chakudya kuti mupeze malo a mowa kwasanduka chizolowezi, vuto silinso la masamu, ndipo n'loyenera kukambirana ndi dokotala. Kukwanira m'makalori sikuchotsa zimene alikoholo amachita ku chiwindi, ku tulo ndi ku kuthamanga kwa magazi, ndipo kwa mayi woyembekezera palibe muyezo umene umadziwika kuti ndi wosavulaza.

Chenjezo lalikulu lipite kwa odwala matenda a shuga, makamaka amene amabaya inshulini kapena kumwa mankhwala okakamiza thupi kutulutsa inshulini. Magalamu obwereka aja, 50 kapena 73 a m'chitsanzo, si makabohaidireti enieni, ndipo asalowe konse m'masamu a inshulini. Kubayira inshulini magalamu amene sanalowe m'thupi kungagwetse shuga koopsa. Kuwonjezera apo, chiwindi chikatanganidwa ndi alikoholo chimachepetsa ntchito yake yopanga shuga watsopano, moti shuga angathe kutsika patapita maola angapo, munthu ali mtulo, ngakhale m'mawa mwake. Zizindikiro zake, monga kusokonezeka mutu, kudzandira ndi kulankhula mokoka, zimafanana ndi kuledzera, ndiye anthu okuzungulirani angangoti mugone zikutherani. Ngati muli m'gulu limeneli, sungani mizere iwiri yosiyana m'buku mwanu, wa makabohaidireti enieni ndi wa obwereka. Musadule makabohaidireti a chakudya chamadzulo kuti mupatse malo mowa, yezani shuga musanagone, ndipo za muyezo wa inshulini pa tsiku lakumwa mukambirane ndi amene amakuthandizani kuchipatala musanayese.